Mfundo Imodzi, Kenaka Ina: Kuulula Phunziro Mwandondomeko pa Pulojekita

Mawu oyamba

Mphunzitsi wolemba pa bolodi ali ndi mwayi umene nthawi zambiri sauzindikira. Choko sichilemba chiganizo chonse nthawi imodzi. Chimayamba kumanzere, nkumapita kumanja, ndipo maso a ana amatsata dzanja la mphunzitsi. Akafunsa funso, yankho silikhala pa bolodi kufikira iye mwini atalilemba. Motero bolodi limasunga ndondomeko ya phunziro popanda wina kulilamula.

Pulojekita ilibe khalidwe limeneli. Tsamba likangotuluka pa khoma, zonse zimene tidalembapo zimaonekera pamodzi: funso, chitsanzo, yankho ndi lamulo lomwe. Ana odziwa kuwerenga amathamangira pansi kukatola yankho, pamene anzawo akadali pa mzere woyamba. Mphunzitsi amafunsa funso limene khoma layankha kale.

Pano pa Lichinga, ambiri a inu mumakonza maphunziro oyeserera pa kompyuta, ndipo mwaona kuti pulogalamu ya PowerPoint ili ndi njira zambiri zoyendetsera zolemba: zina zimauluka, zina zimazungulira, zina zimadumpha ngati mpira. M'mutu uno tikambirana ntchito imodzi yokha imene njira zimenezi zimagwira bwino m'kalasi ya chiyankhulo cha makolo, ndiyo kubweza pa khoma ndondomeko ija imene choko chimapereka chokha. Mfundo yathu ndi iyi: chinthu chiyende pa tsamba pokhapokha ngati kuyenda kwake kukusunga mpata woti mwana aganize ndi kuyankhula yankho lisanaoneke.

Zinthu ziwiri zimene tiyenera kusiyanitsa

Pulogalamuyi ili ndi makomo awiri amene anthu amawasokoneza. Loyamba lidalembedwa kuti `Animações`, kapena `Animations` ngati kompyuta ili m'Chingerezi. Limeneli limalamula kayendedwe ka zinthu za m'kati mwa tsamba limodzi: nthawi imene chiganizo chituluke, nthawi imene chithunzi chioneke. Lachiwiri ndi `Transições`, kapena `Transitions`. Limeneli limalamula kasinthidwe ka masamba, kutanthauza zimene zimachitika tikamachoka pa tsamba lina kupita pa linzake.

Pa ziwirizi, choyamba ndicho chingathandize kuphunzitsa, chifukwa chimatilola kubisa yankho kufikira nthawi yake. Chachiwiri sichiphunzitsa kanthu. Tsamba lopindika ngati buku kapena losweka ngati galasi siliwonjezera tanthauzo lililonse pa phunziro la maphatikizo. Choncho nthawi yathu yambiri tiithera pa choyambacho, ndipo chachiwiri tingochikhazika pansi kuti chisasokoneze.

Chifukwa chake timachepetsa

Diso la munthu limatembenukira ku chinthu choyenda mwini wake asanafune. Mwana amene akumvetsera nthano amacheuka nkhuku ikadutsa pakhomo, osati chifukwa cha mwano, koma chifukwa umo ndi momwe diso lidapangidwira. Mphamvu imeneyi ndi imene timabwereka tikayendetsa chinthu pa khoma. Mawu atsopano akatuluka, maso onse amapita pamenepo. Ngati pamenepo ndi pomwe pali mfundo ya phunziro, tapindula. Koma ngati choyendacho ndi nyenyezi yokongoletsera m'ngodya, tapereka maso a ana makumi asanu kwa nyenyezi.

Akatswiri a kaphunziridwe adalifufuza funso limeneli. John Sweller adafotokoza m'chaka cha 1988 kuti malo amene ubongo umagwiriramo zinthu zatsopano ndi ochepa kwambiri, ndipo chilichonse chosafunika chimene chalowamo chimalanda malo a chofunika. Richard Mayer, m'buku lake la 2001 lonena za kuphunzira ndi mawu pamodzi ndi zithunzi, adaonetsa kuti anthu amamvetsa bwino zokongoletsa zosakhudza phunziro zikachotsedwa. Ndipo m'chaka cha 2002 Barbara Tversky ndi anzake awiri, ataunika kafukufuku wambiri wa zithunzi zoyenda, adapeza kuti kuyenda pakokha sikupambana chithunzi chokhazikika chokonzedwa bwino.

Nkhaniyi ikutikhudza ife kuposa aphunzitsi ena. Chiyambire kuyesa kwa PEBIMO pakati pa 1993 ndi 1997, pamene Chinyanja chidagwiritsidwa ntchito m'sukulu zina za ku Tete ndi Chichangana ku Gaza, ndiponso chiyambire 2003 pamene maphunziro a ziyankhulo ziwiri adayamba kufalikira m'Mozambique, maziko a njira yathu akhala amodzi: mwana ayambe ndi chimene akudziwa kale, achinene ndi pakamwa pake, kenaka awolokere ku chatsopano. Mwana wa ku Metangula kapena ku Mecanhelas amabwera ku sukulu akuyankhula Chinyanja cholongosoka. Malamulo a chiyankhulo ali nawo kale m'kamwa. Ntchito yathu ndi kumuthandiza kuwaona atalembedwa ndi kuwafananiza ndi a Chipwitikizi. Tsamba limene laulula zonse nthawi imodzi limamulanda mpata wonena zimene akudziwa. Tsamba lodzaza ndi zouluka limamulanda malo oganiziramo pamene akusenza kale ziyankhulo ziwiri. Akuluakulu adati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Chitsanzo: tsamba limodzi, kudina kasanu ndi kamodzi

Tiyeni titenge phunziro la kalasi yachitatu. Cholinga chake nchakuti ana azindikire kuti zinthu zikachuluka, mawu a Chinyanja amasintha kumayambiriro, pamene a Chipwitikizi amasintha kumapeto. Gawo limeneli litenga pafupifupi mphindi khumi za phunziro, ndipo lifuna tsamba limodzi lokha.

Tisanakhudze kompyuta, timalemba pa pepala mafunso amene tidzafunse, motsatana. Mafunsowo ndiwo amatiuza kuti tidzadina kangati. Amene amayamba ndi kusankha kayendedwe kenaka nkufunafuna pomwe angakaike wayamba ndi denga nyumba isanazikidwe.

Tsamba likangotseguka, pamakhala zinthu zitatu zosayenda: mutu woti *Chimasintha nchiyani zinthu zikachuluka?*, chithunzi cha chipewa chimodzi, ndi chiganizo choti *Chipewa changa chagwa.* Zimenezi siziyenera kubisidwa, chifukwa ndizo poyambira. Ana amawerenga chiganizocho mokweza, ndipo mphunzitsi amafunsa kuti, “Kodi mukumva liwu lanji likubwerezedwa?” Kuyambira pamenepa ndondomeko imayenda motere:

1. Ana akayankha kuti akumva *ch*, mphunzitsi amadina koyamba. Timizere titatu timatuluka pamodzi pansi pa *ch* wa mawu onse atatu. Timizereto tikutsimikiza zimene ana anena kale, sitikuwauza chatsopano.
2. Kudina kwachiwiri kumatulutsa chithunzi cha zipewa zitatu, popanda mawu. Mphunzitsi amafunsa kuti, “Nanga tsopano tinena bwanji?” Apa amachotsa dzanja pa kompyuta nkudikira.
3. Ana awiri kapena atatu akanena chiganizo chawo, kudina kwachitatu kumatulutsa *Zipewa zanga zagwa*, ndi timizere pansi pa *z* aliyense. Chiganizochi chimakhala pansi penipeni pa choyamba chija, mawu pansi pa mawu anzake, kuti diso lifananize mosavuta.
4. Kudina kwachinayi kumatulutsa kudzanja lamanja chiganizo cha Chipwitikizi, *O meu chapéu caiu.* Mphunzitsi amachiwerenga, ana nkubwereza. Kenaka amafunsa ngati alipo amene angachinene zipewa zikakhala zitatu.
5. Kudina kwachisanu kumatulutsa *Os meus chapéus caíram*, ndi timizere kumapeto kwa mawu onse anayi. Funso ndi lakuti, “Timizere ta Chinyanja tili mbali iti ya mawu? Nanga ta Chipwitikizi?”
6. Ana akanena lamulo m'mawu awoawo, kudina komaliza kumatulutsa mzere umodzi pansi pa tsamba: *Chinyanja chimasintha kumayambiriro, Chipwitikizi chimasintha kumapeto.*

Taonani zinthu zitatu m'ndondomeko imeneyi. Choyamba, kudina kulikonse kotulutsa yankho kukubwera ana atafunsidwa kale nkuyankha, osati asanayankhe. Chachiwiri, palibe chimene chachoka pa tsamba; pomaliza ziganizo zonse zinayi zikuoneka pamodzi, ndipo kufananiza kumene kuli mtima wa phunziroli kumatheka. Chachitatu, zinthu za ntchito imodzi zikutuluka pamodzi. Timizere titatu ta pa sitepe yoyamba ndi mfundo imodzi, choncho tikufuna kudina kumodzi, osati katatu.

Pa sitepe yachiwiri ndi pomwe phunziro limapambana kapena kulephera. Mary Budd Rowe, amene adafufuza makalasi a sayansi ku America m'zaka za m'ma 1970, adapeza kuti aphunzitsi ambiri amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha akafunsa funso, ndipo kuti akadikira masekondi atatu kapena kupitirira, ana ambiri amayankha, mayankho awo nkukhala aatali. Kompyuta imakulitsa chiyeso cha kufulumira, chifukwa yankho lili pansi pa chala. Tikukulangizani kuti mukafunsa funso muziwerenga chamumtima kufika pa zisanu dzanja lili kutali ndi batani. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Kakonzedwe kake pa kompyuta

Mayina a pa kompyuta amasiyana malinga ndi chiyankhulo chimene pulogalamu idaikidwamo. Tipereka a Chipwitikizi ndi a Chingerezi monga momwe amaonekera.

Yambani ndi kumanga tsamba lonse monga lidzaonekera pomaliza, popanda kayendedwe kalikonse. Chiganizo chilichonse chikhale m'bokosi lakelake. Imani kumbuyo kwa chipinda nkuona ngati zonse zikuwerengeka. Ngati tsamba lathithikana zonse zili poyera, kubisa zina sikudzalichiritsa, ligaweni pawiri.

Kenaka phatikizani zinthu zimene ziyenera kutuluka pamodzi. Sankhani timizere titatu tija, dinani batani lakumanja la mbewa, nkusankha `Agrupar` kapena `Group`. Chitani chimodzimodzi ndi chiganizo chachiwiri pamodzi ndi timizere take. Zimenezi muzichita musanaike kayendedwe, chifukwa mukaphatikiza zinthu zimene zili kale ndi kayendedwe, PowerPoint imakafufuta ndipo mumayambiranso.

Tsopano sankhani gulu loyamba, pitani pa `Animações` nkusankha `Aparecer`, lomwe m'Chingerezi ndi `Appear`. Chinthucho chimangotuluka pamalo pake, osayenda. Ngati mukuona kuti kutulukako nkodzidzimutsa, sankhani `Fade`, imene m'Chipwitikizi imalembedwa `Desvanecer` kapena `Esmaecer`. Imeneyi imatulutsa chinthu pang'onopang'ono m'theka la sekondi. Sankhani imodzi mwa ziwirizi ndipo muigwiritse ntchito phunziro lonse. Ana akazolowera njira imodzi amaleka kuiona, nkumaona mawu okha. Njira ikamasinthasintha, amayamba kudikira kuti aone kuti ina ituluka bwanji.

Onetsetsani kuti poyambira pake palembedwa `Ao Clicar` kapena `On Click`. Pali zosankha zina ziwiri, `With Previous` ndi `After Previous`, zimene zimatulutsa chinthu chokha popanda inu kudina. Yoyamba imathandiza pofuna kuti zinthu ziwiri zituluke pamodzi. Yachiwiri ndi yoopsa m'kalasi, chifukwa imapereka ulamuliro wa nthawi kwa makina, ndipo makina sadziwa kuti mwana wa pa benchi yakumbuyo wangokweza kumene dzanja.

Bwerezani zomwezo pa magulu asanu otsalawo, motsata ndondomeko ya mafunso anu. Pambali pa chinthu chilichonse padzaoneka nambala yaing'ono, kuyambira 1 mpaka 6. Tsegulani `Painel de Animação` kapena `Animation Pane` kuti muone mndandanda wonse. Ngati lamulo lakhala pa nambala 4 m'malo mwa 6, likokereni pansi. Ngati mndandandawo uli ndi mizere yambiri kuposa masitepe a ndondomeko yanu, pali china chimene chikuyenda popanda chifukwa, chipezeni nkuchichotsa.

Pomaliza pitani pa `Transições`. Sankhani kuti pasakhale kasinthidwe kalikonse, kapena `Fade` yemweyo, nkudina `Aplicar a Todos` kapena `Apply To All` kuti masamba onse afanane. Phokoso likhale pa `[No Sound]`. Kudzanja lamanja kuli timabokosi tiwiri: `On Mouse Click` kakhale kochonga, `After` kakhale kopanda kanthu. Ngati kachiwirika kachongedwa, tsamba lidzasintha lokha muli pakati pa kufotokoza. Vuto lomweli limabwera ngati mudayeserera phunziro ndi `Rehearse Timings` nkuvomera kusunga nthawi zake. Mankhwala ake ndi kuchotsa chonga pa `Use Timings`. Dinani `F5` nkuyendetsa phunziro lonse mukunena mafunso anu mokweza.

Amene mukugwiritsa ntchito LibreOffice Impress, yomwe ndi yaulere, mudzapeza zinthu zomwezi m'mbali yakumanja ya pulogalamuyo. Ndipo ngati mudzanyamula phunziro lanu kukalionetsa pa kompyuta ya eni, kumbukirani kuti kutuluka wamba kumagwira ntchito pafupifupi paliponse, pamene njira zatsopano monga `Morph`, imene imafuna PowerPoint ya 2019 kapena yatsopano kuposa pamenepo, sizioneka chimodzimodzi pa makina akale.

Zilembo zimene siziyenera kulekana

Pali msampha wina umene umagwira makamaka ife ophunzitsa kuwerenga. PowerPoint imalola kutulutsa mawu chilembo chimodzichimodzi, ndi chosankha chotchedwa `By letter`. Poyamba zimaoneka ngati zothandiza ana a kalasi yoyamba, popeza zikufanana ndi kulemba. Koma makina sadziwa Chinyanja. Amawerenga zizindikiro, osati maliwu.

Tengani mawu oti *ng'ombe*. Liwu loyamba la mawu amenewa ndi limodzi, ngakhale limalembedwa ndi zizindikiro zitatu. Makina adzatulutsa *n* payekha, kenaka *g*, kenaka kachizindikiro ka pamwamba. Mwana amene akuyesa kutchula zimene akuona adzayamba ndi liwu la *n*, kenaka nkusinthira ku *ng* wa m'mawu oti *ngoma*, ndipo pofika kumapeto watchula maliwu awiri olakwika asanafike pa loona. Zomwezo zimachitika ndi *ny* wa *nyanja*, *th* wa *thumba*, *ph* wa *phiri* ndi *kh* wa *khasu*. Mwana woona *p* yekha amatchula *p* wa *pita*, ndipo *h* akatuluka ayenera kubweza zimene wanena kale.

Ngati cholinga ndi kuphunzitsa maphatikizo, mphunzitsi ndiye agawe mawuwo, phatikizo lililonse m'bokosi lake: *ng'o* kenaka *mbe*; *nya* kenaka *nja*. Mabokosiwo atuluke kuchokera kumanzere kupita kumanja, pamalo pomwe adzakhale, moyandikana kuti pomaliza apange mawu amodzi osadukiza. Pewani kuulutsa phatikizo kuchokera kumanja kapena pansi. Mwana amene akungophunzira kumene kuti kuwerenga kumayambira kumanzere sayenera kuona mawu akuyenda motsutsana ndi njira imeneyo. Komanso mawu oyenda sawerengeka kufikira ataima, choncho nthawi yonse ya kuulukako imangotayika.

Pamene kubisa kumawononga

Tisaganize kuti chilichonse chiyenera kuululidwa pang'onopang'ono. Kubisa kuli ndi malire ake, ndipo kukapitirira kumatopetsa monga momwe zouluka zimatopetsera.

Nkhani yoti ana awerenge iyenera kuoneka yonse nthawi imodzi. Owerenga amasiyana liwiro, ndipo wowerenga wabwino amabwerera m'mbuyo akasokonezeka. Mphunzitsi akamatulutsa mzere umodziumodzi, amakakamiza kalasi yonse kuyenda pa liwiro la chala chake. Malangizo a ntchito ya m'magulu nawonso aoneke onse ndipo akhale pa khoma kufikira ntchito itatha, kuti gulu limene laiwala sitepe yachitatu lingoyang'ana.

Mndandanda wa zinthu zofanana, monga mayina asanu a nsomba za m'nyanja ya Niassa, suyenera kudinidwa kasanu pokhapokha ngati dzina lililonse lili ndi funso lake. Ngati mulibe chonena pakati pa mzere wina ndi unzake, mizereyo ndi mfundo imodzi.

Chenjeraninso ndi kuchotsa zinthu zimene zaoneka kale. Choko chikalemba, zolembazo zimakhala kufikira wina atafufuta, ndipo mwana wolemba pang'onopang'ono amapeza mpata womaliza. Chinthu chimene chatuluka nkuzimiririka chimasiya mwana wotereyu ndi theka la chiganizo m'kope. Ena amakonda kuzimitsa pang'ono mizere yakale kuti watsopano uwale. Njira imeneyi imagwira ntchito m'chipinda chamdima, koma m'kalasi ya mawindo opanda makatani, dzuwa la masana likamalowa, zolemba zotuwa zimasowa pa khoma. Ngati mukufuna kuti maso apite pa mzere watsopano, kutuluka kwake kwachita kale ntchito imeneyo.

Ndipo pali nthawi imene khoma lonse liyenera kukhala chete. Ana akamakambirana awiriawiri, kapena mukamafotokoza nthano, dinani batani la mpumiro, `.`, ndipo chithunzi chidzada. Mukalidinanso chidzabwerera pomwe mudasiyira. Pa pulogalamu ya Chingerezi batani la `B` limachita zomwezo.

Tingadziwe bwanji kuti tapitirira?

Kalasi yokha imatiuza. Ngati ana aseka kapena kufuula pamene mawu akutuluka, ndipo mukawafunsa zimene zalembedwa sakudziwa, aona kayendedwe osati mawu. Ngati ayamba kunena kuti “Bwerezaninso, aphunzitsi,” muzifunsa kuti akufuna kubwereza chiyani, chiganizo kapena kuzungulira kwake. Ngati mwapezeka mutaima chete kudikira kuti chinthu chimalize kuyenda, kayendedweko nkotalika. Ngati mukuyang'ana khoma kuti mudziwe chimene chituluke, ndiye kuti kudina kwachuluka kuposa momwe mungakumbukire. Ndipo ngati manja a ana aleka kukwera, nkumangodikira batani, aphunzira kuti yankho limabwera lokha. Apa vuto silili pa kompyuta koma pa kufupika kwa nthawi yodikira.

Muyeso wabwino musanalowe m'kalasi ndi uwu: pa kudina kulikonse, nenani funso limene likubwera patsogolo pake. Kudina kumene kulibe funso kapena mfundo yakeyake kuchotsedwe.

Magetsi akazima, kapena pulojekita kulibe

Ambiri a inu mudzatumizidwa ku sukulu za m'maboma a Lago, Sanga, Mandimba ndi ena, kumene pulojekita siidzapezeka tsiku lililonse. Ngakhale kumene ilipo, magetsi angathe kuzima phunziro lili pakati. Tsamba lomangidwa pa mafunso silifa ndi magetsi. Masitepe asanu ndi limodzi aja amasamukira pa bolodi monga alili: chiganizo choyamba, timizere ta choko, zipewa zitatu zojambula, ndi zina zotero. Amasamukiranso pa pepala lalikulu lolembedwa kale, limene mbali zake zaphimbidwa ndi timapepala tomata tochotsa kamodzikamodzi. Koma phunziro limene mphamvu yake inali m'kuzungulira kwa zilembo silisiya kanthu koti nkulemba pa bolodi.

Palinso nkhani ya kutumizirana. Timakonda kusandutsa maphunziro kukhala PDF kuti atseguke pa foni kapena asindikizidwe. PDF siisunga kayendedwe. Zonse zimene zidabisidwa zimaoneka pamodzi, yankho ndi funso lomwe, ndipo ngati mudaika chinthu pamwamba pa chinzake zimasanjikizana osawerengeka. Njira yopewera zimenezi ndi yakale koma yodalirika. Mangani tsamba lomaliza, libwerezeni ndi `Duplicate Slide` kufikira mutakhala ndi masamba asanu ndi awiri ofanana, kenaka pa tsamba lililonse fufutani zimene nthawi yake siinakwane: loyamba likhale ndi poyambira pokha, lachiwiri liwonjezere timizere, mpaka lomaliza lokhala ndi zonse. Musasunthe kanthu, ndipo pasakhale kasinthidwe pakati pawo. Woonera adzaona ngati zinthu zikungotuluka pa tsamba limodzi. Kuipa kwake nkwakuti mukapeza cholakwika m'chiganizo choyamba muyenera kuchikonza kasanu ndi kawiri, choncho werengani bwino musanabwereze.

Ntchito

1. Sankhani ziganizo ziwiri za Chinyanja za gulu lina la mayina, monga *Mtengo wathu wagwa* ndi *Mitengo yathu yagwa*. Lembani pa pepala mafunso amene mudzafunse, motsatana, ndipo pambali pa funso lililonse lembani chimene chidzatuluke ana akayankha. Onani kuti m'ziganizo zimenezi liwu lobwerezedwa pa mawu otsatira silifanana ndi chiyambi cha dzina. Ganizirani ngati zimenezi zikufuna funso lina lowonjezera.
2. Mangani tsambalo pa kompyuta ndi njira imodzi yokha yotulutsira zinthu. Kudina kusapitirire kasanu ndi kamodzi.
3. Phunzitsani anzanu atatu kwa mphindi khumi. Mmodzi awerenge masekondi pakati pa funso lililonse ndi kudina kotsatira. Wina alembe nthawi iliyonse imene yankho laoneka munthu asanalinene.
4. Zimitsani pulojekita nkuphunzitsanso gawo lomwelo pa bolodi. Kambiranani kuti ndi sitepe iti imene yasowa, ndipo ngati ilipo, kodi inali kuphunzitsa chiyani.
5. Gawani mawu awa m'maphatikizo monga momwe mungawatulutsire kwa ana a kalasi yoyamba: *nkhuku*, *mphika*, *ng'ona*, *nyemba*, *ntchito*. Fotokozani chimene chingalakwike pa mawu aliwonse ngati atuluka chilembo chimodzichimodzi.